Mwini Sewero Ndani? Za Maina Amene Amayenda pa Kanema Sewero Likatha



A Mlembi atandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule za ntchito yanga, ndinayamba ndaseka, pakuti ngakhale amayi anga anamwalira asanamvetse chimene ndinkachita ku Joni. Iwo ankauza anzao ku chigayo kuti mwana wao amagwira ntchito ya pa kanema, koma anzaowo akatsegula kanemayo sankandiona. Tsono ankangoti mwina ndine wosesa. Zoona zake nzakuti ndinali mmodzi mwa anthu olemba mau amene a zisudzo amalankhula, ndipo dzina langa linkadutsa pa galasi kwa nthawi yochepa kwambiri, pa nthawi imene eni nyumba anyamuka kale kukatenga madzi osamba m'manja. Za maina amenewo ndizo ndikufuna tikambirane lero, maka maina anai amene amasokoneza anthu.

Ndiyambire pa bwalo la sukulu ino. Amene tinali m'kalabu ya zisudzo mukukumbukira m'mene tinkakonzekera mpikisano wa ATEM. Mphunzitsi mmodzi ndiye ankalemba sewero, yemweyo kusankha ochita, yemweyo kutiuza poima ndi pokhala, yemweyonso kukapempha galimoto kwa a hedimasitala. Tinkamutcha dairekitala, ndipo mau ake anali lamulo. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe wailesi ya kanema, pakuti TVM inadzayamba mu 1999. Motero ambiri a ife tinakula ndi maganizo akuti pa sewero lililonse mfumu ndi dairekitala. Pa filimu maganizo amenewo sali kutali ndi choona. Mukaonera The Last Fishing Boat, filimu ya mu 2012, mukuona ntchito ya a Shemu Joyah, amene analemba nkhaniyo ndi kutsogoleranso kujambula kwake, ndipo mukati filimu ya a Joyah simunalakwe. Koma pa masewero a magawo ambiri, aja amabwera sabata ndi sabata kapena usiku uliwonse, zinthu zili mwina. Kumeneko dairekitala ali ngati dalaivala wa minibasi ya pa Ntcheu ndi Balaka: chiwongolero chili m'manja mwake, moyo wa okwera ulinso m'manja mwake, koma galimoto si yake, njira sanasankhe ndi iye, ndipo mawa pakhoza kukhala wina.

Chifukwa chake ndi masamu chabe. Sewero la usiku uliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu limafuna magawo 5 pa sabata, ndipo pa chaka chathunthu akukwana 260. Munthu mmodzi sangathe kukonzekera gawo la mawa, kujambula la lero, ndi kulumikiza zithunzi za dzulo pa nthawi imodzi. Tsono madairekitala amakhala angapo, nkumasinthana. Wina akamajambula sabata ino, mnzake ali pa tebulo kuwerenga za sabata yamawa. Ngakhale ku America, kumene sewero ngati Grey's Anatomy limabwera kamodzi pa sabata, chaka chimodzi cha magawo oposa 20 chimadutsa m'manja mwa madairekitala oposa khumi. Mukayang'ana mau akuti Directed by usiku uno ndi sabata yamawa mudzaona maina osiyana, koma seweroli silisintha nkhope. Ndiye kuti pali wina amene akugwira nkhope imeneyo, ndipo si dairekitala.

Kuti ndisangolankhula m'malere, ndiloleni ndikutengeni pa ulendo wa gawo limodzi la sewero limene ndinkalembako ku Johannesburg. Dzina la kampaniyo ndi la sewerolo ndisiya, pakuti ena mwa anthuwo adakali pa ntchito.

M'sewero lathu munali nkhalamba ina, tate wa banja lolemera, imene inayenera kufa. Amene anagamula kuti ife anali mkulu wa olemba, amene pa galasi amamulemba kuti Head Writer. Mayi ameneyu sankalemba mau a gawo lililonse ai. Ntchito yake inali kuyang'ana kutali. Iye pamodzi ndi anthu anai kapena asanu ankatsekeredwa m'chipinda kwa masiku angapo, khoma lonse litadzaza timapepala, nkumakonza nkhani ya miyezi ingapo yakutsogolo: uyu akwatira liti, chinsinsi cha uyu chiululika liti, chuma cha nkhalamba chigwera yani. Imfa imene inu munadzaiona m'mwezi wa Okotobala, iwo anali ataigamula nyengo ya dzinja isanathe. Akatha pamenepo, ena ankagawa nkhaniyo m'masabata, kenaka m'masiku, kenaka m'tizidutswa timene timati masini. Gawo lathu la mphindi 24 linkakhala ndi masini pakati pa 15 ndi 20. Ine ndinkalandira pepala londiuza kuti m'sini yachitatu mwana wamkulu ndi mayi wake womupeza akangane za maliro m'khitchini, ndipo pomaliza mwanayo atuluke atakwiya. Changa chinali kuika mau m'kamwa mwao. Ndikapereka, mkonzi wa zolemba ankazisalaza kuti anthuwo alankhule monga analankhulira dzulo pansi pa cholembera cha mnzanga, ndipo mkulu wa olemba ankawerenga komaliza.

Tsono gawo la maliro enieniwo linagwera ine. Inu mukudziwa m'mene ife a kuno timaonera maliro. Ndinalemba ndi mtima wanga wonse: manda, anthu 60, kwaya, mvula yowaza, mkazi wachiwiri akufika mochedwa ndi mwana amene abale sankamudziwa. Mkulu wa olemba anawerenga nati zili bwino. Patatha masiku atatu pepala linabwerako litadulidwa ndi inki yofiira, koma dzanja silinali lake. Linali la munthu amene pa galasi amalembedwa kuti Executive Producer, amene ife tingomutcha pulojusa wamkulu. Bambo ameneyu anawerengera kuti kutuluka mu situdiyo ndi makamera, magalimoto, chakudya cha anthu onsewo, malipiro a anthu 60 ongoimirira, ndi makina ogwetsa mvula, zikanadya tsiku lathunthu, pamene m'situdiyo tsiku limodzi tinkajambula zokwana gawo lonse. Ndalama zotulukira panja za mwezi umenewo anali atazisungira ukwati wina umene unkabwera m'nkhaniyo. Anagamula kuti manda asaoneke. Tione anthu asanu ndi mmodzi atavala zakuda m'chipinda chochezera, atabwerako kumanda, ndipo mkazi wachiwiriyo agogode pa chitseko.

Ndinakwiya, ndipo ndinachita chinthu chopusa. Ndinapita kwa dairekitala wa sabata imeneyo pa nthawi ya nkhomaliro nkuyamba kumudandaulira, poganiza kuti iye ndiye angabweze manda anga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandiuza kuti iyenso pepalalo walilandira m'mawa womwewo, ndipo alibe mphamvu yosintha ngakhale dzina la galu. Nkhani ya kudandaula kwangayo inafika kwa mkulu wa olemba lisanalowe dzuwa, ndipo ndinakhala masabata atatu osapatsidwa gawo. Kumeneko timalipidwa pa gawo, ndiye mukhoza kuona m'mene lendi ya mwezi umenewo inandivutira.

Koma ndisamunyoze dairekitala uja, pakuti chimene anachita ndi chipinda chochezeracho chinandiphunzitsa ntchito yake yeniyeni. Ine ndinalemba kuti chitseko chikatseguka mkazi wamkulu afunse kuti mlendoyo ndani. Iye anauza mayi wochita seweroyo kuti asafulumire kufunsa. Anaika kamera imodzi pa nkhope ya mayiyo, ina pa kamwana kamene kanaima pakhomo, nalola kuti padutse kanthawi opanda wolankhula, mpaka woonera aone yekha kuti kamwanako kafanana ndi chithunzi cha malemu chimene chili pa khoma. Chithunzicho sichinali m'zolemba zanga. Anachiitanitsa ndi iye. Mau anga sanasinthe ngakhale limodzi, koma sini ija inalemera kuposa manda anga a anthu 60. Imeneyo ndiyo ntchito ya dairekitala wa pa kanema: kumene kamera iime, nthawi imene ichoke pa nkhope iyi kupita pa iyo, wochita sewero akweze mau kapena atsitse, ayende kapena akhale. Ndipo zonsezi amazichita ali ndi wotchi m'mutu, pakuti masini sajambulidwa motsatana monga mumawaonera. Onse a m'khitchini a sabata yonse amajambulidwa pamodzi, kenaka onse a mu ofesi, kotero kuti munthu akhoza kulira maliro m'mawa, masana nkujambula sini imene malemuyo adakali moyo. Wokumbutsa wochita seweroyo kuti pa sini iyi sunadziwe kanthu ndi dairekitala.

Tsono mwaona anthu atatu. Mkulu wa olemba agamula chimene chichitike. Dairekitala agamula m'mene chionekere. Pulojusa wamkulu agwira thumba, alemba ndi kuchotsa anthu ntchito, ndiponso ndiye amakaima pamaso pa eni wailesi akafunsa chifukwa chimene oonera achepera.

Kuti muone kukula kwa mphamvu ya wachitatuyu, kumbukirani Generations, imene ambiri a inu munkaitsata masiku aja madishi ankakoka SABC. Seweroli analiyambitsa ndi a Mfundi Vundla, linayamba kuoneka mu 1994, ndipo iwo omwewo ndiwo anali pulojusa wamkulu. M'mwezi wa Ogasiti 2014 ochita seweroli okwana 16 ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, mapangano a zaka zitatu, ndi gawo la ndalama zimene seweroli limapeza likaonetsedwanso kapena kugulitsidwa kunja. Pakati pao panali a Menzi Ngubane, amene munkawadziwa kuti Sibusiso Dlomo, ndi a Sophie Ndaba, amene anali Queen. Onse 16 anachotsedwa ntchito. Amene anaima pamaso pa atolankhani kufotokoza za chigamulocho sanali dairekitala aliyense, sanalinso mkulu wa olemba. Anali a Vundla pamodzi ndi akuluakulu a SABC. Seweroli linaima kumapeto kwa Seputembala, nkudzabweranso pa 1 Disembala chaka chomwecho ndi dzina lakuti Generations: The Legacy. Apa mpamene ntchito inagwera olemba. Anthu amene nkhani yonse inatsamira pa iwo kulibe, nanga mupitiriza bwanji? Anadumphitsa nkhaniyo zaka 20 kutsogolo, nabweretsa mbadwo watsopano, ndipo a Connie Ferguson anabwereranso monga Karabo kuti oonera apeze nkhope imene akuidziwa. Chigamulo chinachokera ku thumba, bala lake anapoletsa ndi olemba, ndipo madairekitala anajambula chimene anapatsidwa.

Ndafika tsono pa dzina lachinai, limene achinyamata mumalikonda masiku ano, la shorana. Tanthauzo lake ndi woyendetsa sewero. Chodabwitsa nchakuti dzina limeneli, ngakhale lili la munthu wamphamvu kuposa onse, kawirikawiri simudzaliona pa galasi. Ndi dzina la ntchito imene munthu akugwira, osati udindo wolembedwa. Linafala ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo linabadwa kaamba ka vuto limene ndikufuna mulimvetse, lakuti mau aja akuti Executive Producer anafika potha mchere.

Kumeneko sewero limodzi likhoza kukhala ndi anthu asanu ndi atatu kapena khumi olembedwa Executive Producer. Wina anapatsidwa chifukwa analemba buku limene seweroli linachokera. Wina ndi mwini kampani. Wina ndi katswiri wochita seweroli amene pokambirana za malipiro anapempha kuti dzina lake lilemekezedwe. Wina ndi wolemba amene wakwera makwerero onse, pakuti kumeneko olemba akamakula pa ntchito maina ao amasanduka a upulojusa, ndipo mukaona Co-Producer kapena Supervising Producer nthawi zambiri mukuona wolemba, osati munthu wa ndalama. Ndipo wina sabwera nkomwe ku ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi cha Sam Simon, mmodzi mwa anthu atatu amene anaumba The Simpsons pamene inkayamba mu 1989. Iye anachoka mu 1993 atasemphana ndi anzake, koma pangano limene anachoka nalo linati dzina lake likhalebe pa galasi monga Executive Producer ndipo azilandirabe gawo lake. Anamwalira mu 2015, dzina lake lili pompo. Tsono pakati pa khamu lotere panafunika mau oloza munthu mmodzi amene amabweradi m'mawa uliwonse nkugamula. Ameneyo ndiye shorana.

Kusiyana kwake ndi zimene ndinaona ku Joni nkwakuti shorana amasenza mitolo iwiri pamutu umodzi. Iye ndiye mkulu wa olemba, iye yemweyo ndiye pulojusa wamkulu amene ali ndi mau otsiriza. Akanakhala iye pa nkhani ya manda anga, sipakanakhala inki ya anthu awiri. Munthu mmodzi akanayeza yekha kuti manda ndi ukwati chofunika nchiti, nagamula. Amasankha madairekitala, amakhala nao pansi kujambula kusanayambe kuwafotokozera mtima wa sini iliyonse, ndipo dairekitala akalumikiza zithunzi zake napereka, shorana ali ndi ufulu wozimasula nkuzilumikizanso mwina. Pa filimu zimenezo zikhoza kuyambitsa nkhondo. Pa kanema ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Musasokonezenso shorana ndi woyambitsa sewero, amene amalembedwa kuti Created by. Poyamba amakhala munthu mmodzi, koma sewero likakalamba amasiyana. Grey's Anatomy anaiyambitsa ndi Shonda Rhimes mu 2005, ndipo dzina lake silinachoke pa galasi. Koma kuyambira mu 2017 mpaka mu 2023 amene ankayendetsa seweroli tsiku ndi tsiku anali Krista Vernoff, ndipo atachoka anasiyira Meg Marinis. Woonera wamba sanaone chikwangwani chomuuza zimenezi. Amene ali ndi khutu anangomva kuti kalankhulidwe ka anthu a m'seweromo kasintha pang'ono. Mukafuna kumuloza shorana pa sewero la ku America, yang'anani dzina limene likupezeka pa Executive Producer ndiponso pa Written by m'gawo loyamba ndi lotsiriza la chaka, pakuti magawo awiriwo kawirikawiri amalemba yekha. Si lamulo, koma simudzaphonya kambiri. Ndipo poti tili pomwepo, kachinthu kena kosangalatsa: kumeneko maina awiri a olemba akalumikizidwa ndi chizindikiro cha & ndiye kuti awiriwo analembera limodzi monga gulu, koma akalumikizidwa ndi liu lakuti and ndiye kuti wina analemba, mnzake nkudzalembanso pambuyo, mwina osaonana nkomwe. Bungwe la olemba la kumeneko limayang'anira zimenezi mosaseka, chifukwa kumene dzina laima ndi kumenenso ndalama za m'tsogolo zimalowera.

Wina afunsa kuti nanga Head Writer ndi shorana si munthu mmodzi? Nthawi zina inde. Pa The Bold and the Beautiful, Bradley Bell wakhala zaka zambiri ali mkulu wa olemba ndi pulojusa wamkulu nthawi imodzi, ndiye palibe womutsutsa kupatula eni wailesi. Koma pa masewero ambiri a usiku uliwonse maudindo awiriwa ali m'manja osiyana monga ndakufotokozerani, ndipo mkulu wa olemba akhoza kuchotsedwa ntchito ndi pulojusa wamkulu. Muyeso wake ndi umenewo. Mukafuna kudziwa ngati munthu ndi shorana kapena mkulu wa olemba chabe, funsani ngati angathe kusaina ndalama ndi kuchotsa dairekitala. Ngati sangathe, ndi mkulu wa olemba, kaya nzeru zake zichuluke bwanji.

Zimenezi zikakulowani, mudzayamba kuonera kanema mwa mtundu wina, ndipo mudzadziwa woyenera kumudzudzula. Ine kunyumba ana anandiletsa kulankhula sewero likamaoneka. Mukaona munthu amene Lolemba anali wamantha, Lachinai nkukhala wolusa popanda chimene chamuchitikira, kapena mimba imene yatha miyezi khumi ndi inai, musatukwane wochita seweroyo. Ulusi waduka m'chipinda cha olemba, ndipo mlandu ndi wa mkulu wao. Mukaona anthu awiri akulankhulana koma onse akuyang'ana mbali imodzi ngati pali wachitatu, kapena aliyense akungokuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kapena nthabwala yabwino yafa chifukwa kamera inali pa munthu wolakwika, ameneyo ndi dairekitala. Koma mukamva kuti uje wapita mwadzidzidzi kukaona azakhali ake ku Durban ndipo sabweranso, kapena wafa pa ngozi imene simunaione, kapena mwezi wathunthu anthu onse akungokhala m'nyumba ngati kunja kuli mkango, dziwani kuti nkhani yake ndi ya pangano la ntchito kapena ya thumba. Olemba angophimba dzenje limene anakumba ndi ena.

Kuno kwathu pali munthu wachisanu amene mabuku a ku America samutchula. Masewero athu ambiri a pa wailesi ndi pa kanema akhala akuyenda ndi ndalama za mabungwe. Tikuferanji, imene tonse timaidziwa ndi Manganya wa a Michael Usi, inachokera ku bungwe la ADRA ndi cholinga chophunzitsa anthu, maka za Edzi. Zimachitika, imene inayamba pa wailesi mu 1997, ndi ya a Story Workshop. Masewero amenewa agwira ntchito yaikulu, ndipo akhalitsa chifukwa olemba ake anadziwa kuluka uthenga ndi nthabwala. Koma m'kachitidwe kotere, pamwamba pa wolemba ndi dairekitala pamakhala mkulu wa pulojekiti amene ali ndi mndandanda wa mauthenga oyenera kumveka, ndipo dzina lake mwina silioneka pa galasi, pamangooneka chizindikiro cha bungwe lopereka ndalama. Mphamvu zake nzofanana ndi za pulojusa wamkulu. Pamene olemba afooka, mudzamva agogo a kumudzi mwadzidzidzi akulankhula ngati kabuku ka ku chipatala. Mukamva zotero mwamuona munthu wachisanuyo, ngakhale sanalembedwe.

Ndimalize ndi chimene chinandichitikira nditabwerako ku Joni, pakuti ndikudziwa kuti ena mwa achinyamata muli pano mwayamba kale kujambula timasewero ndi mafoni nkumatiika pa YouTube. Anzanga ena mu mzinda anandipempha kuti tipange sewero la magawo 13. Nkhani inali yanga, anthu a m'nkhanimo ndinawaumba ndine, ndipo magawo onse ndinalemba ndekha kwa miyezi isanu. Mmodzi mwa anzangawo anali ndi makamera, wina ndiye ankadziwana ndi kampani imene inalonjeza ndalama. Sitinalembe kanthu, pakuti tinkati ndife abale. Pofika gawo lachinai, wa makamera anayamba kusintha mau pa malo ojambulira, ponena kuti iye ndiye dairekitala. Wa ndalama analowetsa mlamu wake kuti akhale mkazi wa mwini nkhani, ponena kuti iye ndiye pulojusa. Ine ndikatsutsa, onse awiri ankandiuza kuti ntchito yanga inatha tsiku limene ndinapereka mapepala. Palibe amene ankanama kwenikweni. Aliyense ankagwiritsa dzina la udindo wake monga analimvera, ndipo panalibe pepala lonena kuti tikasemphana wotsiriza kulankhula ndani. Seweroli litaoneka, pa Created by panali dzina la wa ndalama uja. Langa linali pansi, pakati pa wophika ndi woyendetsa galimoto, pa mzere wothokoza. Chaka chotsatira anapanga magawo ena 13 ndi anthu anga omwewo, osandiuza, ndipo ndinalibe pogwira.

Ine amene ndinali nditaona zonsezi zikuyenda mwa dongosolo kunja ndinagwa m'mbuna yomweyo kwathu, chifukwa cha manyazi opempha mnzanga kusaina. Pepala limene likanandipulumutsa silikanafuna loya. Likanangonena kuti nkhani ndi anthu ake ndi za uje ndipo sizipitirira popanda chilolezo chake, kuti dairekitala akafuna kusintha mau afunse kaye wolemba, kuti wosaina ndalama ndi uje, kuti atatuwa akasemphana wogamula ndi uje, ndiponso kuti pa galasi maina adzalembedwa motere ndi motere. Mzere wa wogamulawo ndiwo umene anzathu a ku America anaupatsa dzina la shorana. Mukhoza kumutcha kapitao kapena china chilichonse, bola onse asaine kamera isanayatsidwe, ndipo aliyense asunge pepala lake. A hedimasitala kapena a mfumu akhoza kukhala mboni.

A Wapampando, ndaona a Mlembi akuyang'ana wotchi kachiwiri, ndipo fungo la ku khitchini landipeza kale. Amene muli ndi zolemba zanu m'zikwama, ndikhala pansi pa mtengo uja wa kuseri kwa laibulale tikatha kudya, mubwere nazo tidzaone limodzi.